Makumi Atatu ndi Mphambu Zitatu: Mbiri ya Mawu Okumbukira Mulungu Pambuyo pa Swala

 

Ngati munakhalapo pafupi ndi mzikiti ku Mangochi, ku Machinga kapena ku Nkhotakota pa nthaŵi ya mapemphero, mwina munaonapo chinthu ichi. Swala yatha, wotsogolera wapereka salamu kudzanja lamanja ndi kudzanja lamanzere, koma anthu ambiri sanyamuka msanga. Amakhala pansi pomwepo, milomo ikugwedera pang'onopang'ono. Wina akuyendetsa chala chake chachikulu pa mfundo za zala zinazo, wina akusuntha mikanda yotungidwa pa chingwe, umodziumodzi. Anthu ameneŵa akuŵerenga mawu okumbukira Mulungu, amene m'Chiarabu amatchedwa zikiri. Lero tifuna tione kuti mawuwo ndi otani, akutanthauza chiyani, chiŵerengero chake chinachokera kuti, ndiponso chifukwa chake zala ndi mikanda zinautsa mtsutso umene wakhala zaka zoposa chikwi.

Tiyambe ndi mawu enieniwo. Akamaliza swala, Msilamu amayamba wapempha chikhululuko katatu ponena kuti Asitagafirullahi. Izi zimadabwitsa ena, popeza munthuyo wangochoka kumene pa pemphero. Aphunzitsi a Chisilamu amafotokoza kuti palibe munthu amene amapemphera mosaphonya kanthu, maganizo amathaŵira ku munda kapena ku ngongole, choncho nkoyenera kupepesa. Zikatero pamabwera mawu atatu amene ali mutu wa nkhani yathu, ndipo liwu lililonse limanenedwa ka 33.

Liwu loyamba ndi Subuhanallahi. Ambiri amalimasulira kuti ulemerero ukhale kwa Mulungu, koma tanthauzo lake lenileni ndi kuchotsa. Wonenayo akuchitira umboni kuti Mulungu ali kutali ndi chilema chilichonse: satopa, sagona, saiŵala, sakondera, ndipo alibe womuthandiza. Nchifukwa chake Msilamu amanenanso liwu lomweli akaona chinthu chodabwitsa, kapena akamva wina akunenera Mulungu zosayenera.

Liwu lachiŵiri ndi Alihamudu Lillahi, ndiko kuti kutamandidwa konse nkwa Mulungu. Pano pali kusiyana kumene Chicheŵa chathu chimakudziŵanso bwino. Kuthokoza ndi kwina, kutamanda ndi kwina. Timathokoza munthu chifukwa cha chimene watichitira, koma tikhoza kutamanda mmisiri chifukwa cha luso lake ngakhale sanatisemere mpando. Liwu la Chiarabu limene lili pamenepa ndi la kutamanda, ndipo limaphatikiza ziŵiri zonsezo. Motero Msilamu amalinena pamene wakolola zambiri, amalinenanso pamene wapita kumanda kukaika mwana wake.

Liwu lachitatu ndi Allahu Akibaru. Liwu loti akibaru ndi lofanizira, tanthauzo lake ndi lakuti wamkulu koposa. Koma taonani kuti chiganizocho sichitchula chinthu chimene Mulungu akuchiposa. Malowo anasiyidwa osadzazidwa, kotero kuti chilichonse chimene munthu angachiganizire, kaya ndi mfumu, kaya ndi matenda, kaya ndi mantha ake omwe, chikhoza kuloŵa pamenepo nkupezeka chochepa.

Tikaphatikiza 33 katatu tipeza 99. Kuti akwanitse 100, munthu amatsiriza ndi mawu oyamba ndi La ilaha illallahu, amene amanena kuti palibe wina wopembedzedwa koma Mulungu yekha, nkupitiriza kunena kuti alibe mnzake, ufumu ndi chitamando ndi zake, ndipo palibe chimene chingamulake. Mukaona ndondomeko yake muzindikira kuti ili ndi nzeru: poyamba munthu achotsa zosayenera kwa Mulungu, kenaka amupatsa zomuyenera, ndipo pomaliza avomereza kuti ngakhale zimene wanenazo sizikwanira kumufotokoza.

Tsono chiŵerengero chimenechi chinachokera kuti? Buku la Kurani limalamula okhulupirira kukumbukira Mulungu akatha swala, ali chiimire, ali chikhalire kapena atagona, monga zilili pa Sura 4 ndime 103. Koma silitchula 33. Chiŵerengerochi chimapezeka m'mabuku a hadisi, ndiwo mabuku osunga zimene Mtumiki Muhamadi ananena ndi kuchita. Aŵiri mwa mabuku olemekezeka kwambiri pakati pa Asilamu a Chisuni ndi la Bukhari, amene anamwalira mu 870, ndi la wophunzira mnzake Musilimu, amene anamwalira mu 875. Onse aŵiri anasunga nkhani imene tikuuzeni tsopano, yochokera kwa Abu Huraira.

Mu 622 Mtumiki ndi omutsatira ake anasamuka ku Maka kupita ku Madina. Ambiri mwa osamukawo anasiya nyumba ndi chuma chawo m'mbuyo, nakafika ku Madina manja ali lendelende. Ena analibe ngakhale pogona, ndipo ankakhala pa khumbi la pa mzikiti. Abu Huraira mwini wake anali mmodzi wa amphaŵi okhala pa khumbi limenelo. Tsiku lina amphaŵiwo anapita kwa Mtumiki ndi dandaulo. Sanapite kukapempha chakudya kapena nsalu ayi. Dandaulo lawo linali lakuti olemera awapitirira pamaso pa Mulungu. Iwo anati olemerawo amaswali monga ife, amasala kudya monga ife, koma pamwamba pa izo amapereka chaulere kwa osauka ndi kuombola akapolo, zimene ife sitingathe.

Omvera, taliganizireni funso limeneli, pakuti silinakalambe. Kodi chuma chimene chimagula malo abwino pansi pano chingagulenso malo abwino kumwamba? Mtumiki anawayankha powaphunzitsa ntchito yosalira ndalama: kunena mawu atatu aja ka 33 pakutha pa swala iliyonse. Anawauza kuti akatero adzawapeza amene anawatsogolera. Koma nkhaniyi ili ndi mchira wake umene Musilimu anausunga. Patapita nthaŵi amphaŵi aja anabwereranso nkunena kuti abale athu olemera amva zimene tikuchita, ndipo nawonso ayamba kuchita zomwezo. Apa Mtumiki sanawapatse chinsinsi china. Anangowauza kuti zimenezo ndi zaufulu za Mulungu zimene amapereka kwa amene wamufuna. Akatswiri a Chisilamu anatsutsana kwa zaka mazanamazana ngati yankho limeneli likusonyeza kuti wolemera wothokoza aposa mmphaŵi wopirira, ndipo mbali zonse ziŵiri zinali ndi oziteteza.

Nkhani yachiŵiri ikuchokera m'nyumba ya Mtumiki momwe. Mwana wake wamkazi Fatima, amene anakwatiwa ndi Ali, ankapera yekha tirigu pa mphero mpaka m'manja mwake munatuluka matuza. Atamva kuti kwa bambo wake kwafika anthu ogwidwa ku nkhondo, anapita kukapempha kuti ampatseko mmodzi womuthandiza ntchito. Bambo wakeyo anafika kunyumba kwawo usiku atagona kale, nakhala pakati pa aŵiriwo, nawauza kuti awaphunzitsa chinthu choposa wantchito: pogona azinena Allahu Akibaru ka 34, ndi mawu ena aŵiri aja ka 33 lililonse. Apa 100 ikukwana popanda mawu otsiriza aja. Asilamu a Chishia, amene ali ochuluka ku Irani ndi ku Iraki, amatcha zimenezi tasibihi ya Fatima, ndipo amazinena pambuyo pa swala, kuyambira ndi Allahu Akibaru ka 34, kenaka Alihamudu Lillahi, nkutsiriza ndi Subuhanallahi. Taonani kuti m'nkhani zonse ziŵirizi mawuŵa anapatsidwa kwa munthu amene anadza kudzadandaula za kusoŵa kwake.

Pano wina angafunse kuti, kodi tsono chiŵerengero choona ndi chiti, 33 kapena 34? Funso limeneli linavutitsanso anthu a m'badwo wotsatira Maswahaba, ndipo mabuku sanabise. Nkhani ya amphaŵi ija anaimva kwa Abu Huraira ndi munthu wina dzina lake Abu Salihi, ndipo iyeyu anaiuza wophunzira wake Sumayi. Sumayi atakafotokozera abale ake, mmodzi anamuuza kuti wasokoneza. Iye sanachite makani, koma anabwerera kwa mphunzitsi wake kukafunsa. Abu Salihi anamugwira dzanja nayamba kunena mawu atatuwo pamodzi, monga mtolo umodzi, kubwerezabwereza mpaka ka 33. Komanso mwana wa Abu Salihi yemweyo, dzina lake Suhaili, anamva nkhaniyo mwa njira ina: iye ankati liwu lililonse linenedwe ka 11, kuti onse atatu pamodzi akwane 33. Chiganizo cha Chiarabu chimalola matanthauzo onse aŵiriwo, monga mmene zingakhalire mayi atauza ana atatu kuti tengani mango 33, osanena ngati ndi a mwana aliyense kapena ogaŵana. Akatswiri ambiri anatsata tanthauzo la 33 pa liwu lililonse, chifukwa hadisi zina zimatchula chiŵerengero cha liwu lililonse palokha.

Palinso hadisi zina zimene zimapereka ka 10 pa liwu lililonse, ndi ina imene imapereka ka 25 pa mawu anayi, kuphatikizapo La ilaha illallahu. Akatswiri a Chisuni sanasankhe njira imodzi nkutaya zinazo. Anati zonsezi zinaphunzitsidwa pa nthaŵi zosiyana, ndipo munthu akhoza kusinthasintha. Choncho mukaona mnzanu mu mzikiti wamaliza msanga kuposa inu, musafulumire kunena kuti waba chiŵerengero. Mwina watsata njira ya khumi.

Nanga munthu akapitiriza dala chiŵerengero, nkunena ka 40 m'malo mwa 33? Ibni Hajari wa ku Iguputo, amene anamwalira mu 1449 ndipo analemba ndemanga yaikulu pa buku la Bukhari, anasonkhanitsa maganizo a akatswiri pa mfundo imeneyi. Ena ankayerekeza chiŵerengerocho ndi muyeso wa mankhwala, umene ukawonjezedwa suchizanso monga anafunira sing'anga. Ena ankati munthu amene wafika pa 33 walandira kale mphotho yake, ndipo zowonjezerazo sizingamulande. Chimene mbali zonse zinagwirizana ndi chakuti chiŵerengero si chinthu chamaseŵera. Ndipo ngati chiŵerengero chili chofunika, pafunikanso njira yoŵerengera. Apa ndi pamene tafika pa nkhani ya zala.

Swahaba wina, Abudullahi mwana wa Amuru, anachitira umboni kuti anaona Mtumiki akuŵerenga mawuŵa ndi dzanja lake, ndipo m'buku la Abu Daudi muli mawu owonjezera akuti linali dzanja lamanja. Mayi wina wosamuka ku Maka, dzina lake Yusaira, anafotokoza kuti Mtumiki analangiza amayi kuŵerengera pa zala, chifukwa pa tsiku la chiweruzo zalazo zidzafunsidwa ndipo zidzalankhula. Ichi ndicho chifukwa chachikulu chimene ambiri amakondera zala: chiŵalo chimene chagwira ntchitoyo chidzakhala mboni ya mwini wake.

Tatambasulani dzanja lanu lamanja pamene mukumvetserapo. Chala chilichonse, kupatula chachikulu, chili ndi magawo atatu olekanitsidwa ndi mizere. Anthu ambiri masiku ano amayamba ndi kachala kakang'ono, nsonga ya chala chachikulu ikukhudza gawo lililonse: limodzi, aŵiri, atatu. Zala zinayi zipereka 12. Chala chachikulu chimaŵerengedwanso katatu pochikhudza ndi chala chamkombaphala, ndipo dzanja lonse lipereka 15. Mukazungulira kaŵiri mwafika pa 30, ndipo chala chimodzi chowonjezera chikwanitsa 33. Pamene anthu amasokonezeka kaŵirikaŵiri ndi pa chala chachikulu, chifukwa mizere yake yooneka bwino imachigaŵa paŵiri pokha. Munthu amene achiŵerenga kaŵiri amapeza 14 pa dzanja, ndipo akazungulira kaŵiri nkuwonjeza chala chimodzi amathera pa 31 akuganiza kuti wakwanitsa.

Koma tisaganize kuti umu ndi mmene ankaŵerengera Aarabu a ku Madina. Iwo anali ndi luso lina la amalonda, lopanga manambala popinda zala. Kachala kakang'ono ndi ziŵiri zoyandikana nako zinkasonyeza 1 mpaka 9 malinga ndi mmene zapindidwira, pamene chala chachikulu ndi chamkombaphala zinkasonyeza makumi. Dzanja lamanja lokha linkatha kufika pa 99, ndipo lamanzere linkasunga mazana ndi zikwi. Luso limeneli linali lodziŵika kotero kuti Swahaba wina, pofotokoza mmene Mtumiki ankaikira dzanja lake atakhala pansi mu swala, anangoti anapanga 53, ndipo omvera ake anadziŵa pompo mmene zalazo zinapindidwira. Liwu la Chiarabu limene hadisi zimagwiritsa ntchito pa kuŵerenga zikiri ndi lomwelo la kumanga mfundo ndi zala. Ubwino wa njira imeneyi unali wakuti dzanja limasunga nambala: munthu akadodometsedwa amangoyang'ana zala zake nkudziŵa pamene analekeza.

Nanga mikanda inaloŵa bwanji? Palibe umboni wodalirika wakuti Mtumiki anagwiritsapo ntchito mikanda yotungidwa. Zimene zimatchulidwa m'nthaŵi yake ndi timiyala ndi njere za zipatso za kanjedza. Pali hadisi yonena kuti anapeza mayi wina akuŵerengera pa njere kapena timiyala, ndipo sanamukalipire, koma anamuphunzitsa mawu achidule oposa pamenepo. Akatswiri ena amakayikira kulimba kwa hadisi imeneyi. Mbali inayi pali nkhani ya Abudullahi mwana wa Masudi, Swahaba wamkulu amene anakakhala ku Kufa m'dziko la Iraki. Iye anauzidwa kuti mu mzikiti muli magulu a anthu okhala mozungulira, timiyala tili m'manja, mtsogoleri akuwalamula kunena liwu lakutilakuti ka 100. Anapita nakawadzudzula kolimba, nawauza kuti kukanakhala bwino akanaŵerenga machimo awo, popeza zabwino zawo sizingatayike kwa Mulungu. Mpaka lero otsutsa mikanda amagwira nkhani imeneyi, pamene oivomereza amati chimene iye anadana nacho sichinali timiyala, koma mwambo watsopano wa gulu umene anthuwo anadzipangira.

Kuchokera pa timiyala, anthu anafika pa chingwe chomangidwa mfundo, ndipo kuchokera pa mfundo anafika pa mikanda. Pofika zaka za m'ma 800 mikandayi inali itadziŵika ku Iraki, makamaka pakati pa Masufi, anthu amene ankabwereza maina a Mulungu kambirimbiri, mwakuti zala sizikanakwanira. Za Junaidi wa ku Bagidadi, mphunzitsi wamkulu wa Masufi amene anamwalira mu 910, zimanenedwa kuti anthu anadabwa kumuona atagwira mikanda pa msinkhu wake wauzimu, ndipo iye anayankha kuti sangasiye njira imene inamufikitsa kwa Mbuye wake. Kudabwa kwa anthuwo kukutiuza kuti pa nthaŵiyo mikanda inkaonedwa ngati chida cha ongoyamba kumene. Akatswiri ambiri a mbiri amaganiza kuti nzeru yotunga mikanda yopempherera inachokera ku Indiya, kumene Ahindu ndi Abuda anali nayo kale.

Mtsutso sunathe msanga. Ibni Taimiya wa ku Damasiko, amene anamwalira mu 1328 ndipo ankadziŵika ndi kudana ndi miyambo yowonjezera, ananena kuti zala ndiyo njira ya Mtumiki, koma mikanda siyoipa ngati cholinga chili chabwino. Chimene anadzudzula ndi kuikoloŵeka m'khosi kapena pa mkono kuti anthu aone. Suyuti wa ku Iguputo, amene anamwalira mu 1505, analemba kabuku kapadera koteteza mikanda. M'zaka za m'ma 1900 mtsutsowu unadzukanso, pamene katswiri wa hadisi Alibani, amene anamwalira mu 1999, anaiŵerengera m'gulu la zinthu zongowonjezera pa chipembedzo. Choncho amene amakana mikanda ndi amene amaigwira, onse ali ndi akuluakulu amene akuwatsamira.

Mkanda weniweniwo unapangidwa motsata chiŵerengero chimene tafotokoza. Wautali uli ndi mikanda 99, yogaŵidwa patatu ndi timikanda tiŵiri tosiyana maonekedwe, kuti chala chidziŵe chokha kuti 33 yakwana ngakhale maso ali otsinzina. Waufupi uli ndi 33, ndipo munthu amauzungulira katatu. Pamene nsonga za chingwe zikumana pali mkanda wautali umene ndi poyambira ndi pothera. Aarabu amautcha subuha kapena misibaha, pamene ku gombe la Aswahili ndi kuno kwathu umadziŵika kuti tasibihi. Maina onseŵa akuchokera ku muzu umodzi ndi liwu lija loyamba, Subuhanallahi. Masiku ano kwabweranso kachipangizo kovala ku chala, kamene munthu amadina ndipo nambala imaoneka, ndipo mafunso amene ankafunsidwa za timiyala ku Kufa akufunsidwanso za kachipangizoka.

Kuno ku Malaŵi Chisilamu chinafika m'zaka za m'ma 1800 kudzera mwa amalonda a Chiswahili, monga a Jumbe a ku Nkhotakota, ndi mwa mafumu a Chiyao monga Makanjira, amene ankachita malonda ndi anthu a ku gombe. Pambuyo pake kunafika magulu a Masufi a Kadiriya ndi Shaziliya, amene zikiri ili pa mtima pa chipembedzo chawo. Liwu loti sikiri, limene timalimva m'maboma a kum'maŵa ponena za mwambo wa gulu woyenda ndi mpweya ndi kugwedezeka kwa thupi, ndi liwu lomwelo la zikiri litaloŵa m'kamwa mwa anthu a kuno. Koma sikiri ya gulu ndi ina, ndipo mawu 33 a pambuyo pa swala ndi ena. Aŵa munthu amanena payekha, ndipo Asilamu amene amasiyana maganizo pa za sikiri amagwirizana pa mawu ameneŵa.

Aphunzitsi a mbali zonse amachenjeza za vuto limodzi limene silisankha zala kapena mikanda, ndilo liŵiro. Munthu akathamanga, Subuhanallahi imasanduka kaphokoso ka mpweya chabe, chala chimafika pa 33 lilime lisanamalize ngakhale mawu khumi athunthu. Chizindikiro chake nchapafupi: kunena mawu 100 momveka bwino kumatenga mphindi ziŵiri kapena zitatu, ndipo amene wamaliza asanapume kaŵiri adziŵe kuti waŵerenga mfundo za zala zake zokha. Amphaŵi a ku Madina aja analibe chopereka china koma mawu ameneŵa, ndipo nchifukwa chake anavutika mtima pamene anamva kuti olemera nawonso awadziŵa.

Nkhani yathu ya lero yathera pamenepa.